Ndigule mamita angati a nsalu ya makatani?

*Zenera la pabalaza panga ndi la masentimita 180 m'lifupi ndi 120 msinkhu. Chaka chatha ndinagula nsalu mamita 4, atelala n'kusoka, koma makataniwo anatuluka osalala ngati nsalu yoyanika pachingwe, pakati sakumana bwino, pansi safika. Pano ndikufuna ofika pansi, amakwinya ooneka bwino. Ku Limbe ndinaona nsalu ziwiri, ina yamaluwa ya 150 m'lifupi, ina yopanda maluwa ya 280. Ndigule mamita angati? Ndine mayi wa ku Chinamwali, Zomba.*

Mayi, ndiyambe ndi chimene mukufuna kulemba pakapepala musanakwere minibasi ya ku Limbe. Mukasankha nsalu ya 280, gulani mamita 5. Mukasankha yamaluwa ya 150, musatsike pa mamita 8, ndipo ikhoza kufuna oposa pamenepo malinga ndi kutalikirana kwa maluwa ake. Koma musagule lero. Manambala awiriwa ndawapeza poganizira miyeso iwiri imene simunandipatse, ndiye ndikufuna muone mmene ndawerengera, kuti mukayeza kwanuko muthe kusintha nokha pamene pasiyana.

Atelala amene anakusokerani aja sanalakwitse kusoka ayi, nsalu ndi imene inachepa. Ngati inali ya 150 m'lifupi, mamita 4 anawadula pakati n'kupeza zidutswa ziwiri za mamita awiriawiri. Chidutswa chilichonse atachipendera m'mbali chinatsala cha m'ma 138, ziwiri pamodzi 276. Nsalu yotere, ngati chitsulo chokolekera makatani chapitirira zenera la 180 mbali zonse, imangokwana kutseka basi, yokwinya imatsala yochepa kwambiri, ndipo mukaikoka kuti ikumane pakati makwinya ochepawo amatheratu. Kutalika nako, mamita awiri mukachotsapo mpendero wa pamwamba ndi wa pansi amatsala pafupifupi 180, pomwe kuchokera pamwamba pa zenera kufika pansi m'nyumba zambiri pamapitirira mamita awiri. Ndiye chifukwa chake anathera m'malere.

Nsalu ya makatani sitiyezera zenera. Timayezera chitsulo kapena ndodo imene makataniwo adzakolekedwepo. Ngati chitsulo chilipo kale, yezani icho, kuchokera pamene mphete yomaliza imaima mbali ino kufika pamene imaima mbali inayo, osawerengera timitu tokongoletsa ta kumapeto tija. Ngati muli ndi bokosi lamatabwa pamwamba pa zenera, yezani kanjanji kamene kali m'kati mwake. Ngati palibe chilichonse, kapena chimene chilipo chikungolingana ndi zenera, ndikulangizani kuti muike chopitirira masentimita 20 mbali iliyonse. Zifukwa zake ndi ziwiri. Masana mukatsegula, nsalu yonse ija imaunjikana kumapeto, ndipo ngati chitsulo chathera pomwe zenera lathera, mulu wa nsaluwo umaphimba galasi, pabalaza n'kuchita mdima dzuwa likuswa mtengo. Usiku mukayatsa magetsi, katani yothera m'mphepete mwenimweni mwa zenera imasiya mpata m'mbali, wodutsa panja akaima chapambali amaona m'nyumba.

Choncho kwa inu 180 kuphatikiza 20 uku ndi 20 uku ndi chitsulo cha 220. Apo ndimawonjezerapo 10 kuti makatani awiriwo akakumana pakati azikwerana pang'ono, osati kungogundana milomo. Ndiye mtunda umene tikufuna kuutseka ndi 230. Uwu ndi muyeso woyamba umene ndaganizira. Ngati pafupi ndi zenera pali chitseko kapena ngodya ya chipupa moti 20 sakwana, ikani zimene zikukwana, muwerenge kuchokera pamenepo.

Poyeza bwerekani tepi yachitsulo ya akalipentala. Tepi yathu yansalu imathera pa 150, ndiye mumayeza kawiri n'kulumikiza ndi chala, ndipo pamenepo pamatayika masentimita. Komanso tepi zimenezi zimakhala ndi mainchesi mbali ina, masentimita mbali ina. Sankhani mbali imodzi mukhale nayo mpaka mapeto.

Tsopano makwinya, pamene pagona nkhani yonse. Katani imaoneka yodzaza chifukwa nsalu yambiri yapanikizidwa pamalo ochepa. Muyeso umene ambiri timayendera ndi kawiri: pa mita imodzi ya chitsulo pakhale mamita awiri a nsalu yotambasula. Pa kamodzi ndi theka makwinya amakhalapo koma osaya, ndipo muyeso umenewu umakhala bwino pa nsalu yokhuthala kwambiri, kapena pa nsalu ya maluwa akuluakulu amene mukufuna kuti azioneka athunthu, poti makwinya akachuluka duwa limabisala m'kati. Pa kawiri ndi theka katani imadzaza kwambiri, yokongola ndithu, koma imalemera, imafuna chitsulo cholimba chokhala ndi chogwiriza pakati, ndipo mukatsegula imatenga malo ambiri m'mbali. Nsalu yopyapyala ngati lesi ndi imene imafuna kawiri ndi theka mpaka katatu, chifukwa ikachepa munthu amaonera m'kati ngati palibe kanthu.

Kasokedwe ka pamwamba nako kamalamula. Tepi ya makatani ya zingwe ija, imene mumakoka n'kupanga timakwinya ting'onoting'ono toyandikana, imafuna kawiri kapena kupitirirako pang'ono kuti timakwinyato tiime bwino. Makatani a mabowo, amene chitsulo chimalowa m'malingi okhomeredwa pansalu pomwepo, amaoneka bwino ngakhale pakati pa kamodzi ndi theka ndi kawiri, chifukwa mafunde ake ndi akuluakulu. Ngati simukutsimikiza, m'sitolo momwemo tambasulani mita imodzi ya nsaluyo, muikwinye ndi manja mpaka ikhale theka la mita, muikweze m'mwamba. Chimene mukuonacho ndi kawiri. Itambasuleni pang'ono ifike pa masentimita 65, ameneyo ndi kamodzi ndi theka. Maso anu adzasankha okha.

Kwa inu ndatenga kawiri. 230 kuchulukitsa ndi 2 ndi 460. Pamenepo tiwonjezere mipendero ya m'mbali. Makatani ndi awiri, mbali zake zinayi, ndipo mbali iliyonse ndimapinda masentimita atatu kawiri, kutanthauza 6. Zinayi zikudya 24. Zonse pamodzi ndi 484. Nambala imeneyi muisunge: ndi kutambalala kwa nsalu yonse imene zenera lanu likufuna, isanakwinyidwe.

Muyeso wachiwiri ndi kutalika, ndipo uwu sungachokere pa 120 wa zenera lanu, chifukwa makatani ofika pansi sasamala kuti zenera lathera pati. M'nyumba zambiri pamwamba pa zenera pamalingana ndi pamwamba pa chitseko, cha m'ma 210 kuchokera pansi, ndiye ndaganiza kuti kwanunso ndi choncho. Chitsulo chikhale masentimita 15 pamwamba pa zenera, apo ndi 225. Mphete zimalendewera pang'ono, ndipo katani imayambira pa kabowo ka kunsi kwa mphete pamene pamalowa huku, tinene pa 222. Yezani kuchokera pa kabowoko kufika pansi, ndipo muyeze malo atatu: kumanja, pakati ndi kumanzere. Pansi pasimenti sipalingana, nthawi zina chitsulonso chimakhomedwa chopendekeka. Mukapeza manambala osiyana, mutenge laling'ono.

Katani isakhudze pansi. Ine ndimasiya masentimita awiri. Ena amakonda yokhuthukira pansi monga amaonera pa zithunzi, koma m'nyumba imene mumakolopa tsiku ndi tsiku, mwinanso kupaka polishi wofiira, mpendero wokwekwereza pansi umada mwezi usanathe, ndipo polishi akalowa m'nsalu satuluka. Ndiye 222 kuchotsa 2, katani yomalizidwa ikhale 220.

Pa 220 tiwonjezere zopinda. Pamwamba, pamene pabwere tepi, masentimita 5 akukwana. Pansi ndimapinda 10 kawiri, kutanthauza 20. Anthu ambiri amadabwa ndi mpendero waukulu chotere, ena amauona ngati kuwononga nsalu, ndipo apa ndi pamene ndimalimbikira. Mpendero wokhuthala ndi umene umalemeretsa katani kunsi kuti igwe mowongoka, isamauluzike ndi kamphepo kalikonse. Komanso ndi nkhokwe yanu. Katani ikadzafupika mutachapa, kapena mukadzasamukira nyumba ina ya zenera lokwererapo, mumasula mpenderowo n'kutsitsa. Ndi mpendero wa masentimita awiri ngati wa malaya mulibe pothawira. Choncho chidutswa chilichonse chidulidwe 220 kuphatikiza 5 kuphatikiza 20, ndiye kuti 245.

Mukasankha makatani a mabowo, muyeso umayambira pamwamba pa chitsulo, nsalu n'kupitirira m'mwamba masentimita atatu kapena anayi, ndipo chopinda cha pamwamba chimakula kufika pa 10. Chidutswa chilichonse chidzatalikirapo ndi masentimita 12 kapena kuyandikira apo. Ndiye musankhiretu kasokedwe musanagule.

Tili ndi manambala awiri tsopano, 484 chopingasa ndi 245 choimirira. Kuchokera pano nsalu zanu ziwiri zija zikusiyana njira.

Ya 280 ndi yosavuta. Nsalu yotambalala chonchi anaipangira makatani, ndipo timaigoneka cham'mbali: 280 wa m'lifupi uja ndi amene amaimirira kuchokera pachitsulo kufika pansi, ndipo mamita amene mukugula ndi amene amayenda chopingasa. Funso ndi limodzi lokha, kodi 245 akukwana mu 280? Akukwana, n'kutsalako 35. Ndiye mumangogula 484, amene tingowakwaniritsa kukhala mamita 5. Atelala adzadula pakati, mamita awiri ndi theka uku, awiri ndi theka uku, popanda msoko wolumikiza ngakhale umodzi. Kansalu ka masentimita 35 kamene kadzatsale m'litali monse musakasiye kwa atelala, kamatuluka malamba omangira makatani. Malire a njirayi ndi akuti katani yomalizidwa isapitirire 255, apo ayi mipendero isowa pochokera. Ndipo ikakhala nsalu ya 280 yokhala ndi maluwa kapena mizere, muigoneke kaye cham'mbali m'sitolo momwemo muone ngati maluwawo akuimirira bwino.

Ya 150 siingagonekedwe chotero, chifukwa 150 safika pansi. Imeneyi timaidula zidutswa za 245, n'kuziimika moyandikana, n'kuzilumikiza. Ndiye funso silikhalanso la mamita, limakhala lakuti zidutswa zingati. 484 kugawa ndi 150 ndi 3.2. Chidutswa sichigulidwa chobenthula, ndiye mwina zitatu, mwina zinayi.

Apa pamafunika kuganiza, osati kungokwera pa nambala yotsatira. Ndi zidutswa zitatu, katani iliyonse imatenga chimodzi ndi theka, ndiye kuti 225. Msoko wolumikiza udya 3, mipendero ya m'mbali idya 12, itsala 210. Katani imodzi ikuyenera kutseka theka la 230, lomwe ndi 115. 210 pa 115 ndi kamodzi ndi 0.8, pafupi kwambiri ndi kawiri, ndipo pa nsalu yamaluwa yokhuthala bwino palibe mlendo angazindikire kusiyana kwake. Ndi zidutswa zinayi, katani iliyonse imatsala 285, pafupifupi kawiri ndi theka, koma mwawonjezera mamita awiri ndi theka a nsalu. Ine ndikapeza 3.1 kapena 3.2 ndimatsikira pa 3. Ndikapeza 3.4 kupita m'tsogolo ndimakwera pa 4, ndipo nsalu ikakhala yopyapyala ndimakwera ngakhale pa 3.2 pomwepo. Kwa inu ndikuti zitatu. Zitatu kuchulukitsa ndi 245 ndi 735, ndiye ikanakhala yopanda maluwa ndikanati gulani mamita 7 ndi theka.

Muwauze atelala kuti theka lija alisokere chakunja, kumbali ya chipupa, kuti msoko usadzaime pakati pa zenera pamene dzuwa limauwalitsa. Mphepete yolimba ya ku fakitale ija aidule kapena aicheke timipata, chifukwa imakoka mosiyana ndi nsalu yonse, ndipo ndi imene imachititsa msoko kukwinyika ngati chingwe chili m'kati.

Nanga n'chifukwa chiyani ndanena mamita 8 osati 7 ndi theka? Ndi maluwa aja. Chithunzi cha pansalu chimabwerezabwereza, duwa lomwelo limabweranso pakapita mtunda wakutiwakuti. Mukalumikiza zidutswa ziwiri, theka la duwa la mbali iyi liyenera kukumana ndi theka la mbali inayo, ndipo makatani awiriwo akatsekedwa mizere ya maluwa iyenera kudutsa mowongoka kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Kuti zimenezi zitheke, chidutswa chilichonse chiyambire pamalo amodzimodzi a chithunzicho. Ndiye kutalika kwa chidutswa sikukhalanso 245, kumakhala maulendo athunthu a kubwereza kwa duwalo.

Tengani tepi m'sitolo, muike pa nsonga ya duwa limodzi, mutsike m'litali mwa nsalu mpaka pa nsonga ya duwa lofanana nalo ndendende. Tinene mwapeza 32. 245 kugawa ndi 32 ndi 7 ndi zotsalira, ndiye tikwere pa 8. Apa palibe kutsika, chifukwa kutsika n'kufupikitsa katani. 8 kuchulukitsa ndi 32 ndi 256. Zidutswa zitatu za 256 ndi 768. Pamenepo ndimawonjezera kubwereza kumodzi, 32 wina, kuti atelala akhale ndi ufulu wosankha poyambira, duwa lisadulidwe mutu pamwamba pa katani. Zonse ndi 800, mamita 8 aja.

Koma taonani chimene chimachitika maluwa akakhala akuluakulu. Tinene mwapeza 60. Maulendo anayi ndi 240, aperewera masentimita asanu okha kuti akwane 245. Lamulo likuti kwerani pa maulendo asanu, chidutswa chikhale 300. Zitatu ndi 900, kuphatikiza 60 wosankhira poyambira, 960. Mwadumpha kuchokera pa mamita 8 kufika pafupifupi 10, ndipo pa chidutswa chilichonse masentimita 55 akupita m'thumba la zigamba. Zikatere ine sindigula mamita owonjezerawo, ndimabwerera ku mipendero. Pansi ndipinde 8 kawiri m'malo mwa 10 kawiri, apo ndapulumutsa 4. Pamwamba ndipinde 4 m'malo mwa 5, ndapulumutsa 1. Chidutswa chakhala 240 ndendende, maulendo anayi. Zitatu ndi 720, kuphatikiza 60, ndi 780. Masentimita asanu a mpendero akupulumutsirani mita imodzi ndi masentimita 80 a nsalu, ndipo mpendero wa 8 ndi wabwinobwino. Nthawi zonse mukagawa n'kupeza kuti mwangopitirira pang'ono nambala yathunthu, yang'anani kaye ngati mipendero kapena malo a chitsulo angasunthe musanatulutse ndalama.

Palinso nsalu zina zimene maluwa a m'mphepete sakumana pamzere umodzi, la kumanja limakhala lotsika ndi theka poyerekeza ndi la kumanzere. Mudzazizindikira mukapinda nsalu n'kugundanitsa mphepete zake ziwiri. Zikakhala zotero, wonjezerani kubwereza kwina kumodzi pa zimene mwawerenga.

Chinthu china chimene chimadya nsalu ndi madzi. Poliyesitala, amene ndi makatani ambiri a m'masitolo, safupika kwenikweni. Thonje limafupika ukalichapa koyamba, kawirikawiri masentimita atatu mpaka asanu pa mita iliyonse. Pa katani ya 220 ndiye kuti ikhoza kukwera ndi masentimita 10, ndipo mpata wa masentimita awiri umene munasiya pansi umasanduka wa chikhatho chonse. Ndinaziwona pa makatani amene ndinasokera banja lina ndili wamng'ono pa ntchitoyi. Nsalu inali yathonje, ndinaidula osaiviika, ndipo atachapa koyamba anabwera nayo itakwera. Chimene chinatipulumutsa ndi mpendero waukulu uja, ndinaumasula n'kutsitsa, ngakhale mzere wa popinda pakale sunafufutike kwathunthu. Kuyambira pamenepo nsalu yathonje ndimaiviika, kuiyanika pamthunzi ndi kuisita ndisanaiyandikize sizasi. Funsani wogulitsa kuti nsaluyo ndi ya mtundu wanji. Ikakhala yathonje kapena yosakaniza ndi thonje, wonjezerani theka la mita, mamita 8 akhale 8 ndi theka. Nsalu zokhala ndi utoto wokhuthala kumbuyo, zotchinga kuwala zija, musaziviike mwachisawawa, zina zimasupuka.

Poyerekeza mitengo musayang'ane mtengo wa mita yokha. Ya 280 imaoneka yodula, koma mukugula mamita 5 pomwe inayo mukugula 8. Chulukitsani mtengo wa iliyonse ndi mamita ake, muyerekeze zotsatirazo. Ngakhale ya 280 itakhala yokwera kamodzi ndi theka kuposa inzake, idzakhalabe yotsikirapo, ndipo atelala alibe misoko yolumikiza kapena maluwa oyang'anitsa. Zikanakhala za ine, pa zenera lanuli ndikanatenga ya 280, pokhapokha ngati mtima wanu wagwa pa maluwawo. Pa mazenera a kuchipinda, amene makatani ake amathera kunsi kwa zenera, nkhani imasintha. Chidutswa chikakhala cha 170, pa nsalu ya 280 mumataya 110 m'litali monse. Chikakhala cha 140 kapena kucheperapo, mumaing'amba pakati n'kupeza ziwiri, ndiye mumagula theka la mamita amene mukanagula.

Wogulitsa akamayeza, yang'anitsitsani. Funsani ngati akuyeza mamita kapena mayadi, chifukwa yadi ndi masentimita 91 okha, ndipo mayadi 8 ndi mamita 7.3, chidutswa chachitatu chidzaperewera. Yezaninso m'lifupi mwa nsaluyo nokha. Zina zimene amazitchula za 150 ukaziyeza zimakhala 140 kapena 145, ndipo pa 140 nambala yathu ija ikhala 3.5, zidutswa zinayi mosakayika. Onaninso kumapeto kumene anadulira wogula wapitayo. Ngati n'kokhota, masentimita 5 kapena 10 adzapita powongola, ndiye muyeso uyambire pamene nsalu yakwanira mbali zonse ziwiri. Ndipo nsalu yonse ichoke pa mpukutu umodzi, tsiku limodzi. Mukadzabwerera ku Limbe patapita milungu iwiri kukafuna mita imodzi yoperewera, mwina mudzapeza yatha, mwina mudzapeza mpukutu wina wa mtundu womwewo koma wosiyana pang'ono kuwala kwake. M'sitolo kusiyanako sikuoneka, pazenera kumaoneka.

Mwina mungaganize za chitenje, poti ena amasokera makatani ndipo amakongola. Chitenje ndi chopapatiza, cha m'ma 115, ndiye zenera lanu lingafune zidutswa zinayi. Chodulidwa kale cha mamita awiri sichifika pa 245. Mungafune chosadula, ndipo cha mayadi 6 chimatuluka zidutswa ziwiri zokha, ndiye mugule ziwiri zofanana. Muikenso nsalu ya m'kati, chifukwa dzuwa limafufutitsa chitenje msanga.

Zotsalazi ndi zazifupi. Tepi ya zingwe imagulidwa molingana ndi nsalu yotambasula, osati chitsulo: mamita 4 ndi theka pa zidutswa zitatu zija, mamita 5 pa nsalu ya 280. Nsalu ya m'kati, ngati mukuifuna ndipo ndi ya 150, ikhalenso zidutswa zitatu, koma za 230, chifukwa imathera pamwamba pang'ono pa mpendero ndipo ilibe maluwa oyang'anitsa. Amenewo ndi mamita 7. Lesi wa masana, pa chitsulo kapena waya wa 220, gulani mamita 5 ndi theka, kapena 6 ndi theka ngati zenera layang'ana kumsewu. Lesi wambiri amabwera ndi mphepete ya pansi yomaliza kale, ndiye pofupikitsa amadula pamwamba.

Mukapita kwa atelala, musangowapatsa nsalu n'kunena kuti ndi ya zenera la pabalaza. Alembereni papepala kutalika kwa chitsulo, kutalika kwa katani yomalizidwa, kasokedwe ka pamwamba ndi kukula kwa mpendero wa pansi. Ndipo ngati angavomere, apempheni asoke zonse kupatula mpendero wa pansiwo. Mukakoleke makataniwo kunyumba masiku awiri kapena atatu, chifukwa nsalu yolemera imatsika pang'ono ikalendewera. Kenako mupinde pansi pomwepo ndi mapini, mukusiya mpata wa masentimita awiri kuchokera pasimenti monse, kumanja mpaka kumanzere, n'kuwabwezera kuti akamalize kutsata mapiniwo.